Botolo limene Susana anabweza

Susana Nangondo wa kumapiri a Ntchisi anasiya kugona atamva kuti mwamuna wake Elia wafera ku mtengatenga, ntchito yonyamula katundu wa asilikali ku nkhondo. Sanalire. Ankangolima, kutunga madzi, n'kukhala.

Tsiku lina anapita kuchipatala cha mishoni. Obadiya, wogawa mankhwala, anatulutsa botolo la valeriyani, mankhwala a mizu onunkha ngati mapazi.

"Ena amati amagona nawo, ena sawathandiza, ndiye sindikulonjezani," anatero Obadiya. "Musaphatikize ndi mowa. Ndipo woyembekezera sitimpatsa, poti sitidziwa chimene amachita kwa mwana."

Susana analiyang'ana botololo nthawi yaitali, kenako analikankhira kwa Obadiya.

"Sungani, bambo."

Obadiya ndiye anali woyamba kudziwa kuti Elia anasiya Susana ali ndi pathupi. Elia mwiniwake anamwalira osadziwa.