Theka la Malipiro a Wodula Nzimbe

Tsiku limene khoti linagamula, ndinabwerera kwa Katunga ndikuyimba panjinga ya kabaza, mpaka wopalasayo anandifunsa ngati ndamwa. Ndinali ndisanamwe kanthu. Majisitireti anali atanena kuti bambo a mwana wanga azidulidwa K60,000 mwezi uliwonse pa malipiro awo, ndipo ndalamayo izichoka ku ofesi ya kuntchito kwawo kubwera kwa ine osadutsa m'thumba mwawo. Ine ndinkangoti basi, mwana wanga aphunzira.

Mwanayo ndi wamkazi, m'modzi yekhayo, ndipo anali atangosankhidwa kupita kusekondale yogonera konko. Bambo ake ndi Msena wa ku Nsanje, wodula nzimbe pamunda wina waukulu kuno kuchigwa. Anandisiya mwana ali ku pulayimale nkukatenga kamkazi kena. Zimenezo ndinalira nkutopa nazo. Chimene chinandithamangitsira kukhoti ndi mlongo wawo, mlamu wanga uja wa pakamwa ngati lumo. Anabwera kwathu nkukhala pamkeka wanga, nkunena kuti poti kwawo analowola, mwana ndi wawo, ndipo ngati ndikulephera kumuphunzitsa ndimupereke akakhale naye ku Nsanje, azikamulerera ana. Ndinamuyankha kuti, “Alamu, mwana wanga si wantchito. Imwani madziwo muzipita dzuwa lisanakule.”

Miyezi yoyamba ndalama inkabwera yonse, K60,000 ndendende, foni nkulira ine ndili pamsika ndi tomato wanga. Kenako mwezi wina inabwera K35,000. Ha! Ndinasiya tomato ndi mnzanga, chitenje m'chiuno, ulendo wa ku ofesi ya malipiro. Ndinapita nditakulunga kale mawu oti ndikawalavulire, chifukwa ndinali nditatsimikiza kuti kalaliki wadya ndi bambo a mwana.

Kalalikiyo anali mayi wonenepa, wa magalasi, wotopa ndi kutentha ngati ine ndomwe. Anandisiya ndikalipe mpaka mpweya unandithera, ndiye anati, “Mayi, khalani pansi. Mumadziwa kuwerengera?”

“Ndimagulitsa tomato, mukuganiza bwanji?”

Anaseka pang'ono nkutenga cholembera. Anati iwo amayamba achotsa zimene boma limalamula kwa aliyense, msonkho ngati malipiro afika poti nkudulidwa msonkho, ndi ya penshoni. Chotsalacho, chimene munthu akanapita nacho kunyumba, amachigawa pakati. Theka limodzi khoti likhoza kuligwira, theka linalo ayi, lamulo la ntchito silola, ngakhale chigamulo chitanena ndalama yochuluka bwanji. Mwezi wabwino bambo a mwana ankatsala ndi K150,000. Theka lake ndi K75,000, ndiye K60,000 yanga inkalowamo bwinobwino. Mwezi umenewu anatsala ndi K70,000 yokha. Theka lake ndi K35,000, ndipo ndi imene ananditumizira.

“Nanga K25,000 yangayo yapita kuti?”

“Sinapite kulikonse. Ndi ngongole yawo, tailemba. Chigamulo chanu chimalola kuti mwezi umene pali mpata tizidula yowonjezera, koma osapitirira theka lomwelo. Akadzafikanso pa K150,000, mpata wake ndi K15,000.”

Ndinawerengera mumtima. Dzenje la mwezi umodzi woipa linkafuna miyezi iwiri yabwino kuti likwiririke. Ndinafunsa chimene chagwetsa malipiro chonchi, poti munthuyo ndimamudziwa, pa chikwanje sagonja kwa mnyamata aliyense. Kalaliki anati zimenezo ndikawafunse eni ake, iye angondiuza kuti wa sizoni, wolembedwa ntchito nyengo yodula nzimbe yokha, amalipidwa malinga ndi zimene wadula, ndipo mwezi umenewo masiku ambiri sanabwere.

Ndinafufuza kwa akazi a anzake odula nawo nzimbe. Anandiuza kuti bambo a mwana anagwa panjinga Lamlungu lina akuchokera kudimba, chitsulo nkumung'amba msongolo, ndipo bala lakana kupola.

Ndisaname, poyamba ndinati zimuone. Ndinanena mokweza, anthu apamsika nkuseka. Koma pofika kunyumba ndinakhala pakhonde nkuyamba kuganiza bwino. Mwendo umenewo ndi umene unkalipira sukulu ya mwana wanga. Ukawola, K60,000 ija idzangokhala papepala. Ine amene ndinkapemphera kuti munthu ameneyu akumane nazo, ndinapezeka ndikugula bandeji ndi mchere ndi ndalama yanga ya tomato.

Sindinali ndinapondako kunyumba kwa mkazi mnzangayo. Ndinkaganiza kuti ndikapeza malata onyezimira ndi mipando, poti m'mutu mwanga theka lotsalalo linali chuma chambiri. Ndinapeza kachipinda kamodzi ka lendi kuseri kwa chigayo. Mtsikanayo anatuluka ndi khanda kumsana, nkuima ngati waona njoka. Anali wamng'ono, mwina wamkulu kuposa mwana wanga ndi zaka zochepa chabe.

“Musaope,” ndinatero. “Sindinabwerere mwamuna. Ndabwerera mwendo.”

Bambo a mwana anali gone pamphasa, mwendo atausanjika pa chigubu, ntchentche zili ng'waa. Atandiona anayesa kudzuka.

“Mayi a mwana, mwabwera kudzanditukwana?”

“Kutukwana ndidzachita mukachira. Tambasulani mwendowo.”

Fungo lake, abale inu! Anali atamangapo kansanza ndi masamba. Ndinawiritsa madzi, nkuthiramo mchere, nkutsuka mafinya iye akukukuta mano. Mawa lake ndinalipira kabaza kuti amutengere kuchipatala cha ku boma, kumene anamupatsa mankhwala nkumuuza kuti apumule mpaka bala litatsekeka. Kupumula! Dokotala ankanena zoona, koma ine mumtima ndinkawerengera masiku osadula nzimbe.

Ndinayamba kupitako kawirikawiri. Anthu kwathu anayamba zawo, eti ukwati wabwerera, eti mayi uja wamudyetsa mankhwala. Mayi anga ondibereka anandifunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino. Ndinkangowayankha kuti ndikuthirira dimba langa.

Koma kumeneko ndi kumene mkwiyo wanga unasowa pogwira. Tsiku lina ndinafika masana, mtsikana uja akuphikira khanda phala lopanda shuga, lopanda nsinjiro, madzi okhaokha. Ndinamufunsa za ndiwo. Anayankha m'Chisena chake, “Nkhabe, mama.” Palibe. K35,000 imene inawatsalira inali italipira lendi, yotsala nkugula ufa wosafika pakati pa mwezi. Lamulo lija ndinkalitukwana kuti likuteteza mwamuna wothawa ana, ndinaliona tsiku limenelo kuti ndi limene lasiya kaphala m'kapu ya khandalo. Akanandipatsa K60,000 yanga yonse, anthu atatu akanatsala ndi K10,000. Ndinamusiyira tomato wofewa amene sakanagulika, ndipo pobwerera ndinalira njira yonse, osadziwa kuti ndikulirira ndani.

Bambo a mwana anabwerera kuntchito bala lisanatseke. Sindinawakakamize, koma sindinawaletsenso. Ankadzuka m'mamawa, kumanga bandeji ziwiri, kulowa m'nzimbe zowotcha, phulusa ndi thukuta kulowa pabala. Ankadula theka la mmene ankadulira kale. Mwezi wotsatira ndinalandira K40,000, wina K38,000. Ngongole kwa kalaliki inkangokula, ndipo kusukulu nakonso yanga inkakula. Ahedi anandilola kulipira pang'onopang'ono teremu imeneyo, koma anandiuza mosabisa kuti teremu ya Januwale mwana asabwere chimanjamanja.

Ndinabwerera kukhoti kukadandaula. Wa pa desiki anandimvetsera bwino, nkunena kuti chigamulo chilipo ndipo ngongoleyo siifa, ndikhoza kuwasumiranso bambowo kuti adzafotokoze chifukwa chake sakukwanitsa. Ndinafunsa ngati majisitireti angalamule kuti azidula kupitirira theka. Anati pa malipiro ayi. Ndiye ndiwasumire kuti anene chiyani? Bala ndinkalitsuka ndine, chifukwa chake ndinkachidziwa kuposa khoti.

Mvula itayandikira, kudula nzimbe kunatha monga kumathera chaka chilichonse, ndipo a sizoni onse anawalipira komaliza. Ndinapita kwa kalaliki uja. Tsopano tinali titazolowerana, ankanditcha “amayi a masamu”. Anandionetsa kuti pa malipiro omalizawo wadulanso mpaka pa theka, osasiya ngakhale tambala imene lamulo limamulola.

“Nanga mwezi wamawa?”

“Mwezi wamawa sali m'buku langa, mayi. Ine ndimadula pa malipiro. Popanda malipiro ndidula pa chiyani?”

“Sizoni ikadzayamba?”

Anavula magalasi nkupukuta nkhope. Anati polemba odula nzimbe amayamba awayeza m'thupi, ndipo iye si dokotala. Tonse tinali titamuona munthuyo akutsimphina pageti.

Disembala yense ndinathamanga. Ndinagulitsa mbuzi imodzi yokha imene ndinali nayo, ndalama nkuthera kubweza ngongole ya teremu yapita. Kubanki m'khonde anakana kundibwereka poti ndinali ndisanamalize kubweza ngongole ina. Mchimwene wanga, amene kwathu kwa Amang'anja ndiye mwini mbumba, madzi anali atamukokolera chimanga, iyenso akudya kwa apongozi. Tomato nthawi ya mvula amavunda usanamugulitse. Sukulu zitatsegulira, anzake a mwana wanga ananyamula zikwama kubwerera kusukulu, iye ali pakhomo kundithandiza kusankha tomato wowola. M'nyumba ufa unali wa kamodzi patsiku.

Mlamu wanga anabweranso mu Januwale. Ulendo uno sanalankhule za malowolo. Anabwera panjinga ndi thumba la ufa wa mapira pa kaliyala, nkukhala pansi mwaulemu, nkunena kuti kwawo chakudya chilipo, mwana akakhaleko mpaka zinthu zitasintha, za sukulu tidzaona. Ndinkadziwa tanthauzo la “tidzaona”. Ndinafuna kumuthamangitsa ngati kale, koma maso anga anali pa thumba lija.

Amene anayankha ndi mwana wanga. Anati, “Amayi, ndipita. Mukatsala nokha ufawu ukufikitsani mwezi wa mawa.”

Analowa m'nyumba kukalongedza. Zovala zake zinali zitamuthina, zina zitang'ambika, ndipo chovala chabwino chimene anali nacho chinali chimodzi chokha. Anatuluka atavala yunifolomu ya sukulu, ataisita bwinobwino, nkukwera kumbuyo kwa njinga ya azakhali ake. Mayi wina woyandikana nafe anali akusesa panja, ndipo atamuona anaimika tsache nkukuwa mokondwa kuti, “Eee, zatheka! Ukaphunzire bwino, mwana wathu!” Mwana wanga anamubayibitsa, nkuyankha kuti zikomo.