Madola amene tinagula kawiri

Alamu anga, amene anakwatira mlongo wanga wamkulu, ankaitanitsa nsapato za ana a sukulu kuchokera kunja. Sitolo yawo yaikulu inali m'tauni ya Lusaka, chakufupi ndi msika wa Soweto. Yaing'ono inali ku Chelstone, ndipo iyi ndinkayendetsa ine. Ndinkaikonda sitolo imeneyo. Inali mphindi khumi kuchokera pakhomo panga poyenda pansi, ndipo masana kukakhala zii ndinkawerenga. Sukulu ndinalekezera giredi naini, koma mabuku akale ogulitsidwa m'mbali mwa msewu ndinawadya ambiri, ena opanda chikuto, ena opanda mapeto. Chifukwa cha ichi pabanja ankanditchula kuti Ba Pulofesa, ndipo ine, mwa kupusa kwanga, ndinkayankha.

Chaka chimenecho mwini nyumba wa ku Chelstone anafuna lendi ya miyezi isanu ndi umodzi pakamodzi. Alamu ananena poyera kuti idzachokera pa phindu la katundu amene anali m'njira. Phindulo likapanda kuoneka, sitoloyo itsekedwa.

Katunduyo anali wa madola 20,000. Kampani yakunja inatipatsa miyezi itatu kuti tilipire. Koma nsapatozo alamu anali atazilonjeza kale kwa ogulitsa m'misika pa mtengo wa makwacha wokhazikika, pakuti makolo a ana a sukulu sagula ndi madola. Pa nthawiyo dola inali pa K26. Ikanakwera kufika pa K29 miyezi itatuyo isanathe, tikanafunika kuwonjezera K60,000 pa invoisi ya katundu yemweyo, ndipo lendi yanga ikanapita mmenemo.

Ndinali nditawerengapo za pangano lotchedwa fowadi. Umagwirizana ndi banki lero za mtengo umene udzagulire madola pa tsiku la mtsogolo, ndipo tsikulo likafika mtengo ndi womwewo, kaya kwacha yagwa kaya yadzuka. Ndinawauza alamu. Kunena zoona, theka la mtima wanga linkateteza sitolo, theka lina linkangofuna kuti anthu andimve ndikutchula mawu achilendo.

"Manje iwe, ivo vintu unavionapo na menso, olo ni va mu mabuku chabe?" anandifunsa.

"Va mu mabuku, ba mulamu. Koma ku banki baviziba."

Tinapita Lachiwiri m'mawa. Alamu anavala jekete ya ku maukwati. Tinalandiridwa ndi mayi wina wa ku dipatimenti ya ndalama zakunja, wa magalasi, wolankhula pang'onopang'ono ngati namwino. Anaona invoisi, anaimba foni mkati, kenako analemba pa pepala: K26.80.

Alamu anaseka. "Eeh! Lelo ni 26, imwe mukamba 26.80. Kansi mwaziba kudala kuti kwacha izagwa, mubisa chabe."

Mayiyo anati ayi, banki silosera. Anafotokoza kuti kuti atisungire mtengowo, banki imakhala ngati yakongola makwacha lero, yagula madola lero, n'kuwasunga mpaka tsiku lathu. Makwacha chiwongoladzanja chake n'chokwera, madola n'chotsika, ndipo kusiyana kwa miyezi itatu ndi kumene kunabereka mangwee 80 apamwambawo, pamodzi ndi kaphindu ka banki. Anati tisiye chikole cha gawo limodzi mwa magawo khumi, K53,600. Kenako anavula magalasi.

"Ba bosi, mvelani apa. Iyi si bukin'i ya basi. Siku ikafika muzagula aya madola pa 26.80, olo kunja ili pa 30, olo ili pa 20. Simungakane."

Pa nthawi yeniyeni imeneyo alamu anali pa foni, akukalipira dalaivala wa lole. Anagwedeza mutu kwa dalaivala amene sankawaona, mayiyo anatenga kugwedezako ngati kwake, ndipo ine ndinagwedeza kolimba m'malo mwa tonse awiri. Alamu anasaina. Potuluka anandigulira nyama yowotcha, n'kuuza wogulitsayo kuti iwo ndi munthu amene amamanga dola ndi chingwe.

Mwezi woyamba dola inafika pa K26.50, ndipo ndinkayenda ngati nyumba zonse za ku Chelstone n'zanga. Kenako inayamba kutsika. 25. 24. Sindinaonepo Mzambia akulira chifukwa kwacha yalimba, koma alamu anakwanitsa.

Loweruka lililonse ankapita kotsukitsa galimoto ku Kabulonga, ngakhale kuti galimoto imene ankatsukitsa inali kaveni ka sitolo. Kumeneko kumakhala kagulu ka amuna a mimba ndi makiyi m'manja, aliyense ali ndi msuweni amene amadziwa za mkati. Dola ikakwera, iwo anali atanena kale. Ikatsika, analinso atanena kale. Palibe mmodzi amene analemerapo ndi uneneri wakewo, koma ankaugawa mowolowa manja, atakhala pa mipando ya pulasitiki, anthu ena akuwapukutira matayala. Amenewa ndiwo anauza alamu kuti munthu wanzeru sagula pa 26.80 chinthu chimene chili pa 23.

Alamu anakulira mu Lusaka, ndipo zonse zimene anasungitsapo m'moyo mwawo anazithawa popanda vuto. Mpando wa basi, holo ya phwando, telala, ngakhale mbuzi ya pa Khirisimasi. Ukapeza kotchipa umangoleka kuyankha foni, ndipo pakapita sabata umapita ndi nkhope yachisoni kukapempha dipoziti yako. Ankaona kuti banki ndi telala wovala tayi.

Kutatsala masabata awiri, masana ena, kunja kwa sitolo yanga kunaima galimoto yakuda yonyezimira, ya matako aakulu, mapepala a kogulitsira akadali pa galasi. Munatuluka alamu.

"Ba Pulofesa, bwelani muone vamene mabuku sapunzisa!"

Anali atapita ku banki ina kumene analinso ndi akaunti, n'kugula madola 20,000 pa K23.40, n'kulipira invoisi yonse. Anatulutsa K468,000 m'malo mwa K536,000. Yotsalayo, K68,000, anaitcha mphatso yochokera kumwamba, ndipo inali itaima apo pa matayala anayi, ngati chiyambi chabe cha malipiro a galimotoyo.

"Nanga fowadi?" ndinafunsa.

"Bazapasa wina. Madola sasoba ogula."

"Ba mulamu, munasaina."

"Iwe, nasaina vingati mu umoyo wanga? Nizapita kutenga dipoziti yanga, ndiye renti yako iyo. Uyamike."

Apa ndi pamene munthu wowerenga akanaima nji. Ine ndinati, "Ningakambe kuti mwina sivizayenda so," ndi mawu aang'ono ngati ndikupempha mchere. Anandiuza kuti ndikhale kutsogolo m'galimotomo ndimve kuzizira kwa mkati. Ndinakhala. Munkazizira bwino ndithu, ndipo ndinanena choncho.

Banki inaimba kutatsala masiku awiri, kukumbutsa kuti mu akaunti mukhale makwacha okwanira. Alamu sanayankhe. Inaimbanso, sanayankhe. Pa tsiku lenilenilo ananditenga kuti ndikaone mmene amuna amalankhulira ndi mabanki. Jekete inali yomweyo, mayi anali yemweyo.

Alamu anayamba ndi nkhope yachisoni. Anati zinthu zasintha, madola sakuwafunanso, angopatsidwa chikole chawo. Mayiyo anawasiya mpaka anamaliza, kenako anati pali njira ziwiri. Yoyamba, abweretse makwacha otsala atenge madola awo 20,000, achite nawo zimene akufuna. Yachiwiri, banki iwagulitse madolawo pa 26.80 monga mwa pangano, n'kuwagulanso nthawi yomweyo pa mtengo umene inkagulira tsiku limenelo, K23. Kusiyana kwake, K3.80 pa dola iliyonse, alipire iwo.

"Ni zingati?"

"K76,000. Dipoziti yonse izangena, na K22,400 izachoka mu akaunti."

"Madola yamene sininagwile na kumanja?"

"Ni yanu, ba bosi. Tinakusungilani. Kuti dola inafika pa 30, sembe ndise tikupasani pa 26.80, na kudandaula sitikanadandaula."

Alamu anafuna manijala. Manijala anabwera, anawapatsa madzi, ananena zomwezo mu Chingerezi. Alamu anatchula tchalitchi chawo, anatchula zaka zimene akhala kasitomala, anatchula munthu wina wamkulu wa ku Woodlands amene anakhala naye tebulo limodzi pa ukwati. Pepala la pangano linali pa tebulo, siginecha yawo ili pansi, yaikulu, ya mchira wopindika. Makwacha a njira yoyamba analibe. Anasaina yachiwiri.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi chakuti banki sinatidye. Ndinawerengera pa katoni ya nsapato madzulo ake. K468,000 ya ku banki ina ija, kuwonjezera K76,000, ndi K544,000. Pangano likanatsatidwa tikanalipira K536,000. Kuchenjera konse kuja kunatayitsa K8,000 yokha. Mtengo wa nsapato tinauwerengera pa 26.80 kuyambira pachiyambi, ndipo phindu linalipo monga tinakonzera, lendi ili mkati. Fowadi inachita ntchito imene tinaituma. K68,000 ija sinali mphatso. Inali ndalama ya banki imene inangogona kwathu masabata awiri, ndipo alamu anaigulira galimoto.

Ndinapita ndi katoniyo kunyumba kwa alamu ku Kabwata Lamlungu, titaweruka ku tchalitchi. Mlongo wanga anaiyang'ana nthawi yaitali. Iye masamu amawadziwa kuposa tonse, anagulitsapo tomato zaka khumi.

"Bwezani motoka," anauza mwamuna wake.

"Nibweze? Bantu baniona nayo kudala! Bazakamba chani ku Kabulonga?"

"Bazakamba vamene bakamba masiku onse. Kuti benze banaziba."

Alamu anatembenukira kwa ine. Anati popanda nzeru zanga za m'mabuku akanagula pa 23 ngati munthu aliyense. Pamenepo sananame, ndipo ndinavomera. Ndinangowonjeza kuti tsiku losaina lija palibe amene ankadziwa 23, ngakhale aneneri a pa mipando ya pulasitiki, amene sabata imeneyo ankalumbira kuti tikupita ku 30. Anati ndisawayankhe m'nyumba mwawo. Mlongo wanga anandipatsa tiyi, n'kundiuza ndi maso kuti ndasiya mochedwa kukhala chete.

Galimoto sinabwezedwe. Wogulitsayo anali atanena kale kuti dipoziti sibwerera, ndipo pangano ili lokha alamu analilemekeza ndi mtima wonse. Mwini nyumba wa ku Chelstone anadikira sabata imodzi, kenako anapereka malowo kwa mayi wina wa saluni.

Tinasamutsa katundu Lachisanu. Kaveni kanatenga mashelefu, ndipo makatoni otsala anayenera kulowa m'galimoto yatsopano ija. Alamu anaima pambali, makiyi m'manja, akundilangiza kuti ndiyale nsalu kaye ndisakande mipando. Ndinayala. Ndinapereka makiyi a sitolo kwa mwini nyumba, amene anandifunsa ngati ndikudziwa munthu wofuna kugula kauntala. Kuyambira Lolemba lotsatira ndinayamba kudzuka m'mamawa kukalimbirana minibasi ya m'tauni, kukagwira ntchito m'sitolo yaikulu, pa tebulo loyang'anizana ndi la alamu.