Botolo la Manijala

Ku Silverest konse kunalibe mkhalapakati wondiposa, pakuti ndinafikako ku koleji, ngakhale kuti koleji sinandisunge. N'chifukwa chake anzanga a m'shopu ya simenti ndi malata anandituma kukauza manijala kuti asiye kutikalipira pamaso pa makasitomala. Tonse tinali titayamba kubisa zolakwa, ndipo mtsikana wa pakauntala ankafuna kusiya ntchito.

Ndinakonzeka mwaukatswiri. Ndinasankha chitsanzo chimodzi chokha, tsiku lomwe manijala anamutcha mbuli mtsikana uja atasokoneza oda ya misomali. Ndinati ndikanena zimene zinachitika ndi mmene zatiwonongera ntchito, osatchula mawu akuti nkhanza, ndipo ndikawapeza ali okha, atadya.

Dalaivala wathu anakhala pathumba la simenti ngati manijala kuti ndiyeserere.

"Ba manijala, nili na mau pang'ono," ndinayamba.

"Iwe, anakulemba nchito ni ndani?"

"Ndimwe, bwana. Pepani."

"Wapepesa dalaivala!" anatero dalaivalayo atagwira mutu. "Yambanso."

Ndinayambanso, n'kupepesanso.

Tinagwirizana kuti kwa munthu wamkulu sapita chimanjamanja, choncho ndinagula chakumwa chozizira. Mu ofesi ndinachipereka kwa manijala ndi manja awiri n'kufunsa za kunyumba. Anafotokoza za madamu, za ana ndi za ng'ombe zawo za ku Palabana, ine ndikuvomera. Ndisanafike pa misomali anatuluka, botolo lili m'manja, n'kukuwa pamaso pa makasitomala: "Mwaona ulemu? Imwe benangu mulibe nzeru!"

Mtsikana uja anasiya ntchito mwezi utatha. Ine ndinataya makwacha khumi ndi asanu a botolo lija.