Zaka Zisanu ndi Zinayi za Pakhonde

Chawanangwa anabwera ku Area 25 kuchokera ku Rumphi ali ndi makina amodzi opalasa ndi mwendo. Ndine ndinamupatsa malo pakhonde la golosale pomwe ndimasokera, ndine ndinamuphunzitsa kuika kolala. Tinasoka limodzi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo aliyense pamsika akudziwa kuti msoko wanga ndi woongoka kuposa wake.

Chaka chatha kampani ina yosoka mayunifolomu ku Kanengo inalengeza kuti ikufuna woyang'anira matelala. Tonse tinakatula makalata. Pa CV yanga ndinalemba dzina, MSCE ya 2012, basi. Zapakhonde ndinazibisa. Ndani angauze mabwana kuti amakhalira kuchepetsa mathalauza a kaunjika?

Mnzangayo analibe manyazi. Analemba kuti ndi telala wodzilemba yekha ntchito kuyambira 2015 mpaka 2024. Pansi pake anandandalika zonse: mayunifolomu mazana atatu pachaka a sukulu ya pulaiveti ya ku Area 47, zovala za kwaya ya kumpingo kwawo, atsikana anayi amene anawaphunzitsa kusoka. Anawonjeza mayina ndi manambala a foni a ahedi a sukuluyo ndi a mkulu wa kwaya, atawapempha kaye kuti adzamuchitire umboni. Ndinamuseka mpaka misozi.

Akukampani anamuitana ku intavyu. Anawaimbira ahedi aja. Anamulemba ntchito. Ine ngakhale kamesegi kondikana sindinakalandire.

Chimandiwawa n'chakuti sananame paliponse. Mayunifolomuwo tinkasoka awiri, theka iye theka ine, ndipo atsikanawo anaphunzirira pa makina anga. Zonse zinali zanganso, koma papepala ndinaoneka ngati munthu amene wangokhala manja lende kuyambira 2012.

Tsopano m'mawa uliwonse amadutsa pamsika ndi kachiphaso kolendewera pakhosi. Ndimaweramira pa makina ngati ulusi wakodwa. Nsanje imandigwira, sindibisa. Ali ndi malipiro a pamwezi, tchuthi, penshoni, pomwe ine mvula ikagwa ndimathawitsa nsalu za eni.

Loweruka lapitali anabwera n'kukhala pa benchi lake lakale.

"Beatrice, akufunanso matelala awiri. Bweretsa CV ija tiikonze."

"Bwana mwatikumbukira lero?"

"Usandinyoze, iwe. Lemba zonse, zaka, sukulu ija, atsikana aja. Ahedi akukudziwa."

"Nanga mboni yachiwiri?"

Anayang'ana pansi. "Woyang'anira matelala sangakhale mboni yako, koma akandifunsa ndidzanena zoona. Pita kwa mkulu wa kwaya uja."

Ndinkafuna kumuthamangitsa. Koma ntchitoyo ndikuifuna, ndipo mwini golosale wanena kale kuti khondeli alitseka amangepo shopu. Ndinatenga cholembera.

"Ukalembedwa uzidzasoka makolala," anatero. "Ndizidzawayendera ndine."