Wezulo wa Che Sadiki

Komiti ya oyimbira mpira m'zoni yathu, itakhala pansi kawiri ndi kumwa zoziziritsa kukhosi kawiri konseko, inalengeza kuti kuyambira chaka chino woyimbira aliyense azivala masokosi akuda ofika m'mawondo, osati m'katumba. M'kalata ya komitiyo, nkhani ya masokosiyi inadya tsamba lathunthu. Kumunsi kwenikweni, pafupi ndi chidindo, n'kumene kunali mzere wina wonena kuti mayeso othamanga adzachitika Loweruka 7 koloko m'mawa pabwalo la sukulu ina kwa Nsamala, ndipo wolephera adzatula pansi wezulo.

Masokosi sanawadetse nkhawa Che Sadiki, pakuti iwo ndi telala. Amasoka pakhonde la golosale ina pa Phalula, nkhope kuyang'ana kumsewu waukulu. Kwawo ndi ku Chikweo. Kumeneko anakhala pachikamwini mpaka tsiku limene mayi a kunyumba, a Ramla, anatsikira kulichete. Sadaka itatha, akuchikazi anawathokoza mwaulemu wonse, ana n'kutsala ndi amalume awo monga mwa mwambo, iwo n'kukweza makina osokera pa njinga. Palibe anawathamangitsa. Komanso palibe anawauza kuti khalani.

Pa Phalula, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, dzina lawo linali “atelala”, ndipo anthu ankawalankhula akuyang'ana thalauza lawo, osati munthuyo. Koma Loweruka masana, akavala zakuda n'kulowa m'bwalo, mudzi wonse unkawadziwa. Ankawatukwana, inde, ndi mtundu wawo womwe. Koma kutukwanidwa ndi anthu mazana n'kucheza ndithu kwa munthu amene amadya yekha chamadzulo. Mpira ukatha wina ankawagulira nzimbe, wina n'kuwaperekeza akuwafotokozera malamulo amene iye sanawawerengepo. Sabata yawo yonse inkapachikika pa chingwe cha wezuloyo.

Chifuwa chinayamba chaka chathachi, nyengo yozizira. Akasoka, chete. Akagona, chete. Koma akathamanga m'mawa, pochoka kumzikiti, m'mbali mwa msewu kudutsa pamene amagulitsira makala, poyamba zonse zinkakhala bwino, kenaka pakapita kanthawi kachifuwa kouma kankayamba. Pamtima pankathina ngati malaya a mwana avekedwa wamkulu. M'kati munkalira timawu tosongoka, makamaka potulutsa mpweya. Chodabwitsa n'chakuti akaima, m'malo mopepukidwa, zinthu zinkayamba zakula kaye. Iwo anati ndi ukalamba, nachita zimene mwamuna wa kwathu amachita ndi ukalamba: anawonjezera liwiro.

Chimene chinawapititsa kuchipatala ndi tsiku limene anakhala pamwala wa m'mbali mwa msewu, kulephera kuyankha moni wa mayi wogulitsa tomato. Anesi a kumeneko, a Monica, anawamvetsera pamsana, nafunsa mafunso ambiri.

“Wefuwefu wa kutopa amatha mukapumula,” anatero a Monica. “Wanuyu amakula mukaima, ndiye amabwera ndi kutsokomola ndi kulira kwa m'chifuwa. Imeneyi ndi mphumu, bambo, ya mtundu umene umadzutsidwa ndi kuthamanga. Mpweya wozizira, wouma, fumbi, utsi, zimachititsa tinjira ta mpweya kufinyika.”

“Ndiye ndisiye mpira?”

“Iyayi. Ndani wanena zosiya? Musiye kuuma mutu basi.”

Anawapatsa inhela, kabotolo kabuluu ka mankhwala opopera m'kamwa. Anawaonetsa kukakhutchumula, kutulutsa mpweya wonse, kupopera kamodzi akukoka mpweya pang'onopang'ono, kuusunga pang'ono, kenaka kubwereza. Kawiri, kukatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti athamange. Asamayambe ndi liwiro, azitenthetsa kaye thupi. Kukazizira azipumira m'mphuno, kansalu kukamwa. Mphamvu ya mankhwalawo ndi ya maola ochepa, si ya tsiku lonse. Chikawagwira ali pakati pothamanga, aime, akhale tsonga, osagona pansi, apopere. Zikapanda kusintha, kapena mawu akamaduka osamaliza chiganizo, kapena milomo ikasintha mtundu, apitirize kupopera ndipo anthu awathamangitsire kuchipatala. Ndipo akaona kuti akukafuna kawirikawiri, abwerenso, pali mankhwala ena a tsiku ndi tsiku.

Che Sadiki anamva zonse, natsata zonse, kupatula chimodzi chimene a Monica sanachiganizire. Kwathu kuno kumadziwika bwino, ngakhale palibe akudziwa amene anayambitsa, kuti munthu akayamba kupopera ndiye kuti watha, sadzasiyanso, angodikira tsiku. Woyimbira wopopera ndani angamuope? Tsono iwo anasokera kathumba kobisika m'kati mwa kabudula wawo wakuda, msoko wake waukhondo kuposa wa suti ya ukwati, ndipo ankapopera kuseri kwa chimbudzi kapena kwa mtengo wa malambe, ngati munthu wosuta zoletsedwa. Chifuwa chinagonja. Nyengo yonse ya mpira inatha popanda wodziwa.

Loweruka la mayeso anafika kusanache bwino. Anazemba kuseri kwa kalasi, napopera kawiri. Anathamanga pang'onopang'ono kuzungulira mpanda, kansalu kukamwa, mpaka thukuta linayamba. Pokwana 7 koloko, munthu anali wokonzeka ngati mkwatibwi.

Mlembi wa komiti, a Jasten, anafika cha m'ma 8, fayilo m'khwapa, nalengeza kuti mayeso sangayambe mlendo wolemekezeka asanafike, pakuti ndiye adzaimbe wezulo woyamba. Mlendoyo anali atanyamuka kale ku Balaka. Anakhala atanyamuka kale mpaka dzuwa linafika paliwombo. Podikirapo, a Jasten anaona kuti bwalo silikuoneka bwino pamaso pa munthu wamkulu. Analamula kuti lisesedwe. Fumbi la mwezi wa Julaye linadzuka lonse. Zinyalala ndi udzu wouma anaziunjika m'ngodya zinayi za bwalo, ndipo pofuna kuti milu isanyanse mlendo, anaiyatsa moto.

Galimoto itangoonekera, oyimbira onse anaikidwa pamzere, masokosi m'mawondo. Panali pemphero la Chikhristu, dua ya Chisilamu, mawu a apampando, mawu a oyimira apampando ena amene sanabwere. Che Sadiki anaima pamzerepo akuwerengera m'mutu. Mankhwala a m'mawa aja anali atasuluka, thupi litazizira, kukhosi kukuyabwa kale ndi utsi. Dzanja linapita pa kathumba. Kumanzere kunali Akimu, mnyamata wa pakamwa posatseka. Kutsogolo kunali mlendo, akuyang'ana masokosi a aliyense. Kuseri kwa kalasi kunali kutali ngati ku Chikweo. Dzanja linabwerera.

“Madala, lero tikusiyani ngati basi yakufa,” ananong'ona Akimu.

“Ine ndinayamba kuyimbira iwe ukudya dothi.”

“Eya, n'chifukwa chake.”

Wezulo analira. Lamulo linali losavuta: kuthamanga mozungulira bwalo mpaka wezulo wachiwiri, ndipo woima kapena woyenda, watuluka. Maulendo oyamba Che Sadiki anali pakati pa gulu, akupumira m'mphuno, mapazi akugwa bwino. Ngodya iliyonse ankalowa mu utsi n'kutulukamo. Kenaka kachifuwa kaja kanagogoda. Anakameza. Kanabweranso ndi anzake. Pamtima panayamba kuthina, ndipo timawu tija tinayamba kuimba, mpweya kulowa koma kukana kutuluka. Anachepetsa liwiro. Akimu anawadutsa, nawadutsanso.

Iwo ankadziwa bwino chimene chinkachitika, ndipo ankadziwanso kuti chifuwa chimenechi sichimva kulimba mtima. Wezulo wachiwiri sanali patali kwambiri. Mwina akanafika. Mwinanso akanafika atanyamulidwa, ana awo ku Chikweo n'kumva uthenga pafoni ya amalume. Anathamangabe theka la bwalo akukambirana ndi mtima wawo. Atafika mbali imene mphepo inkakankhira utsi kutali, anatuluka pamzere, nakhala tsonga pa chitsa, zigongono pamawondo.

“Nambala seveni watuluka!” anafuula a Jasten mokondwa, poti fayilo inapeza ntchito.

Anthu anathamangirako. Wina anati awagoneke chagada, wina anabwera ndi ndowa ya madzi, wina anati awavule nsapato. Che Sadiki anawakaniza ndi dzanja. Pamaso pa oyimbira anzawo, ana a sukulu, amayi ogulitsa zitumbuwa ndi mlendo wolemekezeka, anapisa dzanja m'kabudula, natulutsa kabotolo kabuluu. Anakakhutchumula. Anapopera, nasunga mpweya. Anapoperanso. Anadikira, nawonjezera.

“Aa, kani ndi opopera,” anatero mayi wina, motsitsa mawu ngati ali pamaliro.

Pang'ono ndi pang'ono pamtima panamasuka. Timawu tija tinachepa, kenaka tinaleka. Akimu, atamaliza mayeso ake, anabwera ali wefuwefu, nanjuta pambali.

“Madala, tipite kuchipatala?”

“Iyayi, chatsika. Ukuona ndikutha kukuuza chiganizo chathunthu kuti ndiwe mwana wopanda mwambo.”

Akimu anaseka, nawagwira phewa, kenaka anzake anamuitana kukajambulitsa ndi mlendo, ndipo anapita. Anthu ena aja anabalalikanso, poti munthu amene sakufa saonereredwa nthawi yaitali.

Potseka mwambo, mlendo wolemekezeka anakhudzidwa kwambiri. Ananena kuti umoyo wa oyimbira uli pamtima penipeni pa komiti. Analonjeza bokosi la mankhwala pamayeso alionse, analonjeza kuti bwalo lizithiridwa madzi, ndipo analonjeza kuti “bambo athu aja”, poti dzina linali litamuthawa, adzapatsidwa mwayi wobwereza mayeso ligi isanayambe. Anthu anaomba m'manja. A Jasten analemba zonse, kenaka anapita pachitsa paja ndi kupempha wezulo, ati ndi katundu wa komiti, angomusunga kaye.

Lolemba Che Sadiki anabwerera kwa a Monica kukawauza zimene zinachitika. Lachiwiri m'mawa, pochoka kumzikiti, anaima m'mbali mwa msewu, poyera, malole akudutsa, napopera kawiri. Panalibenso womubisira. Anadikira, nayamba pang'onopang'ono, nathamanga mpaka kupitirira pa makala ndi kubwerera, chifuwa chili phee. Tsiku lililonse ankatero, kukonzekera mayeso obwereza, ndipo madzulo ankaika foni pafupi ndi mbale kuti a Jasten akaimba asaphonye.

Ligi inayamba Loweruka lachitatu la mwezi wotsatira. Masewero a pa Phalula anayimbira ndi mlamu wawo wa a Jasten.