Chitini cha Wapampando

Mayi wosoka zovala pakhonde la sitolo ya nsalu ankadziwika kuti Amabatani, chifukwa aliyense wofunsa chovala chake ankamuyankha kuti, "Chatha, kwangotsala mabatani." Anali m'gulu la chipereganyu la amalonda anzawo, ndipo sanajombepo kusonkha. Pamndandanda wa olandira, mwezi wotsatira unali wawo, moti anali atauza kale wogulitsa makina osokera kuti awasungire amodzi.

Kenaka kunabwera kalata ya wapampando wa gululo. Inati poti ena akudandaula za kukondera, mndandanda wathetsedwa. Mayina a onse amene sanalandire adzalembedwa pa timapepala tofanana, tidzapindidwa n'kuponyedwa m'chitini, ndipo wotola adzakhala munthu amene analandira kale, onse akuona.

Amabatani anasiya diresi pamakina awo akale n'kupita kumene wapampandoyo ankameta anthu.

"Achimwene, pamene munkalandira inu ndi alamu anu, chitinichi chinali kuti?"

"Apempha ndi anthu, mayi. Maere sakondera."

"Maere sakondera, koma wosankha tsiku loyambira maere amakondera."

Kumsonkhano Amabatani anapempha kuti maerewo ayambe onse akamaliza kulandira. Amene anali kumbuyo kwawo pamndandanda anakana. Kapepala kanatuluka ndi dzina la wokonza nsapato. Amabatani anaponya ndalama yawo patebulo.

Dzina lawo linadzatuluka lomaliza, makina atagulidwa ndi wina. Atalandira anatuluka m'gululo, ndipo buluku limene wapampando anabweretsa kuti alipinde anamubwezera osalikhudza.