Nkhope ya apongozi anga

Ndinakwatiwa kummwera kwa Mzimba zaka zimene azungu anali atangoyamba kusonkhetsa msonkho kumeneko. Kwathu ndi ku Kasungu. Amuna anga atangondifikitsa anapita ku Halale kukagwira ntchito, ine n'kutsala ndi mimba pakati pa anthu a chinenero china. Chitumbuka changa ankachiseka, ine n'kungosankha kukhala chete. Ndinasungulumwa kwambiri, mpaka ndinkacheza ndi nkhuku.

Mwambo wakumeneko sunkalola mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, kuyang'ana apongozi aamuna kumaso. Tikakumana panjira ndinkapatuka n'kugwada, maso pansi. Choncho apongozi anga ndinkawadziwa mapazi ndi mawu basi. Komatu m'mudzi monsemo ndi iwo okha amene ankandikumbukira. Anali ndi ming'oma ya njuchi m'mitengo, ndipo akafula uchi ankandisiyira chisa pachitsa cha kuseri kwa nyumba yanga. Akamachoka ankanena mokweza ngati akuuza mtengo: "Uchi wa mlendo uwu, mbwenu wina asakhudze."

Mwana wanga wamkazi atayamba kuthamanga, njuchi inamuluma padzanja. Kutacha dzanja linali litatupa mpaka pachigongono, lotentha, loyabwa, zala ngati nthochi. Amayi a m'mudzi anakhamukira kwanga, uyu ndi phulusa, uyu ndi masamba, wina wayamba kale kulira maliro. Mwiniwake dzanjalo anali akukukuta chimanga ndi dzanja linalo, n'kumalongolola ngati masiku onse. Ine ndinangochotsa mbola dzulo lake, n'kumamuika nsanza yonyowa ndi madzi ozizira. Sindinaope. Malume anga kwathu anafa ndi mavu ine ndikuona, ndipo pamene anawalumapo sipanatupe n'komwe. Chinatupa ndi lilime.

Apongozi atamva za mdzukulu wawo anakwiya nazo njuchizo. Masana omwewo anapita kukachotsa mng'oma umene unali pafupi ndi nyumba. Atabwerako anakhala pansi pa mtengo, potero, n'kufunsa za mwanayo. Apongozi aakazi anawafunsa ngati zawaluma.

"Imodzi pera, pakhosi apa," anayankha. "Kanthu kachoko chomene," kutanthauza kuti n'zazing'ono.

Anthu anaseka, poti munthu amene walumidwa moyo wake wonse angaope njuchi imodzi? Onse anatembenukiranso kudzanja la mwana.

Ine ndinamva mawuwo. Sanali mawu awo. Anali osasa, opyapyala, ndipo pakati pake pankamveka kakhweru akamakoka mpweya. Ndinayang'ana mapazi amene ndinkawadziwa bwino aja. Ankawakanda, ndipo ziwengo zofufuma zinali zitakwera m'miyendo yonse, kutali ndi khosi limene njuchi inaluma.

Ndinadzutsa mutu n'kuwayang'ana kumaso. Milomo inali itatupa, zikope zitatseka maso, thukuta lili kamukamu.

"Siyani mwanayo!" ndinakuwa m'Chichewa changa chomwecho. "Adada akufa! Tengani machira!"

Apongoziwo anayesa kuimirira, n'kudzandira. Ndinathamanga n'kuwagwira ndi manja angawa, n'kuwagoneka pansi. Kumbuyo kwanga wina anati, "A! Mkamwana wafuntha?" Apongozi aakazi anandikankha, koma ataona nkhope ya amuna awo anasiya kundikankha. Amuna a m'mudzimo anamanga machira n'kuyamba kuthamanga nawo kuchipatala cha mishoni, ine pambuyo, mwana ndi dzanja lake lija kumsana. Tisanawoloke ndi dambo lomwe, kakhweru kaja kanaleka, mpweya n'kuthera pomwepo.

Patapita nthawi ndinafunsa bambo wina wotsuka zilonda pachipatalapo. Anati kutupa ndi kuyabwa kwa pamalo polumidwa, ngakhale kukule bwanji, nthawi zambiri kumaphwa kokha. Choopsa n'chimene chimabwera msangamsanga thupi lonse: ziwengo, mawu kusasa, kubanika, chizungulire. Anati kulumidwa kawirikawiri sikuteteza munthu, thupi limatha kudzatembenuka tsiku lina. Jekeseni yake ilipo, koma imafuna munthu afike mpweya ukadalipo. Mudzi wathuwo unali kutali.

Dzanja la mwana linaphwa sabata isanathe. M'mudzimo nkhani imene inatsala sinali ya njuchi ayi, inali ya mkamwana wachichewa amene anagwira apongozi ake. Kuchitsime ndikafika, macheza ankaduka. Zinandiwawa, ndipo mpaka lero ndikaganiza ndimapsa mtima. Chitsa chija ndinkachidutsa m'mawa uliwonse, mpaka chiswe chinachimaliza.

Mwana uja atakula anandifunsa kuti agogo ake ankaoneka bwanji. Ndinamuuza za mapazi awo, chala chachikulu chopindika ndi ming'alu ya kuzidendene. Anati, "Nanga nkhope?" Ndinaiona kamodzi kokha, ndipo tsiku limenelo sinali yawo.